Ndime ya dipoziti yodzaza ndi mawu okana: ndiiwongole bwanji osatembenuza tanthauzo lake?

MwanaWachisamba

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Amayi anga ali ndi nyumba ziwiri za lendi ku Chawama, ndipo pangano limene amasainirana ndi anthu olowa m'nyumbazo linalembedwa m'Chinyanja ndi malemu bambo anga zaka zapitazo. Mwezi watha kunabwera banja latsopano lofuna nyumba ya zipinda ziwiri, lendi yake K2,500 pa mwezi, dipoziti K2,500. Mwamuna wa banjalo atawerenga panganolo anaima pa ndime 6, naiwerenga katatu, kenako anandifunsa ngati ndalama yake idzabwerera kapena ayi. Ndimeyo imati:

"Mwini nyumba sadzakana kubweza dipoziti pokhapokha ngati wochita lendi sanapereke notisi ya masiku osachepera 30."

Ine ndinaona kuti vuto ndi kuchuluka kwa "sa-", choncho usiku womwewo ndinaichepetsa motere: "Mwini nyumba adzabweza dipoziti pokhapokha ngati wochita lendi wapereka notisi ya masiku opitirira 30." M'mawa mwake mlamu wake wa bamboyo, amene amagwira ntchito ya ukalaliki, anati chimene ndalembacho si chimene chinali m'pangano lakale, ndipo anakana kuti m'bale wake asaine. Ndayang'ana ziganizo ziwirizi mpaka maso kuwawa koma kusiyana kwake sindikukuona. Kodi ndalakwitsa pati?

Mphunzitsi_Matero

Simunalakwitse, mayi. Kukana kawiri kumabala kuvomera, monga mmene timaphunzitsira ana kuti nambala yochotsera ikachulukitsidwa ndi inzake yochotsera yankho limakhala lophatikiza. Mwachotsa "sa-" kumayambiriro, mwachotsanso "sa-" pakati, ndiye kuti sikelo yakhala chimodzimodzi. Chokhacho chimene ndingakonze ndi mawu akuti "opitirira 30", chifukwa "osachepera 30" amalola nambala 30 yeniyeniyo, pamene "opitirira 30" amayambira pa 31. Lembani kuti "masiku 30 kapena kuposerapo" basi.

MlembiWaMapangano

Aphunzitsi anena zoona pa nambala ija, koma pa nkhani ya sikelo ndikupempha kutsutsana nawo mwaulemu. Ndagwira ntchito yolemba ndi kuunika mapangano mu ofesi ya maloya kwa zaka zambiri, ndipo cholakwa chimene mwachita, mayi, ndi chimene ndimachiona kawirikawiri kwa anthu anzeru ofuna kufewetsa chiganizo.

Choyamba, mawu okana m'ndime yanu si "sa-" atatu okha amene mwawaona. Mneni wakuti "kukana" ali ndi kukana m'kati mwake, ndipo "pokhapokha" nayenso amatseka khomo. Mawu akuti "pokhapokha" ndiwo akupusitsani, chifukwa amasintha ntchito malinga ndi chimene chili patsogolo pake. Akatsatira mneni wokana, monga "sadzakana ... pokhapokha ngati", amatanthauza kuti pali khomo limodzi lokha limene mwini nyumba angathawirepo. Akatsatira mneni wovomera, monga "adzabweza ... pokhapokha ngati", amatanthauza kuti pali khomo limodzi limene wochita lendi ayenera kudutsapo asanayembekeze chilichonse. Munasiya mawuwo pamalo pomwe anali, koma munasintha munthu amene akumangidwa nawo.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito si kuwerenga "sa-" koma kuimika anthu pakhomo, mmodzimmodzi, ndi kufunsa ndime iliyonse kuti ikuti chiyani za munthuyo. Tiyeni titenge munthu amene wapereka notisi ya masiku 45, koma akutuluka wasiya magalasi awiri a mawindo atasweka ndiponso bilu ya madzi yosalipira. Ndime ya bambo anu ikuti amayi sangakane kumubwezera K2,500 yake, pakuti chifukwa chokha chimene ndimeyo imawalola kukanira ndi notisi, ndipo notisi anapereka. Ndime yanu yatsopano ikungonena kuti wopanda notisi asayembekeze kanthu, koma siikulonjeza momveka kuti wopereka notisi adzalandira ndithu. Amayi angathe kuima pa ndime yanuyo n'kunena kuti notisi inali chabe chimodzi mwa zofunika, magalasi ndi china. Mlamu uja anaona kuti m'bale wake wachotseredwa chitsimikizo chimene chinali m'pangano lakale, ndipo anaona bwino.

Mphunzitsi_Matero

Ndamva, koma munthu wamba akamva kuti "adzabweza pokhapokha ngati wapereka notisi" amamva kuti akapereka notisi adzabwezeredwa. Sindikuona munthu wa ku Chawama amene angamve mosiyana.

MlembiWaMapangano

Amamva choncho pa tsiku lolowa m'nyumba, aphunzitsi, pamene onse akuseka ndi kupatsana makiyi. Inu mukauza mwana wa sukulu kuti adzalemba mayeso pokhapokha ngati walipira ndalama ya mayeso, kodi mwamulonjeza kuti akalipira adzalemba ngakhale atachotsedwa sukulu chifukwa cha kuba? Simunatero. Mwangomuuza kuti popanda ndalamayo khomo ndi lotseka. Pa tsiku lotuluka m'nyumba, pamene K2,500 ili m'manja mwa mmodzi ndipo winayo akuifuna, aliyense amawerenga chiganizo mwa njira imene ikumukomera, ndipo ndime yatsopanoyi imalola njira ziwiri pamene yakale inkalola imodzi.

AmaiWaSalaula

Ine ndikuti dipoziti imeneyi ndi kuba chabe. Ndinakhala m'nyumba ina ku Kanyama zaka zitatu, mvula ikagwa madzi ankalowa mpaka pansi pa bedi, ndipo potuluka anandiuza kuti ndawononga penti ya m'khoma, dipoziti yonse inathera pomwepo. Notisi ndinapereka ya mwezi wathunthu. Eni nyumba musamatenge dipoziti ngati mukudziwa kuti mudzaidya.

MwanaWachisamba

Pepani ndi zimene zinakuchitikirani, amayi, koma funso langa si lakuti dipoziti ndi yabwino kapena ayi. Komabe nkhani yanu yandithandiza kuona chimene a Mlembi akunena. Mukanakhala pa ndime ya bambo anga, penti ija sikanakhala chifukwa chokanira. Mukanakhala pa ndime yanga, mwina mwini nyumba akanapeza pobisala. Tsono a Mlembi, ndilembe bwanji? Ndaganiza zotere: "Mwini nyumba angakane kubweza dipoziti ngati wochita lendi wapereka notisi ya masiku ochepera 30."

Womasulira_Kabwata

Ndilowererepo, chifukwa ntchito yanga ndi yomasulira zikalata ndipo msampha umenewu unandigwirapo. Mawu akuti "sanapereke notisi ya masiku osachepera 30" akuphimba anthu awiri. Woyamba ndi amene anapereka notisi yaifupi, monga ya masiku 12. Wachiwiri ndi amene sanapereke notisi iliyonse, anangobwera ndi galimoto usiku n'kunyamula katundu, makiyi n'kuwasiya kwa oyandikana nawo. Mukaphatikiza "sa-" wa "sanapereke" ndi "sa-" wa "osachepera" n'kuwafafaniza onse, mumatsala ndi "wapereka notisi ya masiku ochepera 30", ndipo munthu wachiwiri uja wagwa m'chiganizo, pakuti iye sanapereke notisi yamtundu uliwonse, yaifupi kapena yaitali. Zikatero wothawa usiku ali pabwino kuposa amene anayesetsa kudziwitsa amayi anu masiku 12 asanatuluke, chimene ndikhulupirira kuti bambo anu sanafune.

Chifukwa chake n'chakuti "sa-" awiriwa sakukana chinthu chimodzi. Woyamba akukana mchitidwe wopereka, wachiwiri akukana kuchepa kwa masiku. Mawu okana angafafanizane pokhapokha onse atagwira pa chinthu chimodzi.

Mphunzitsi_Matero

Apa ndagonja. Masamu anga amagwira ntchito pamene zinthu zili ziwiri zokha, inde kapena ayi, koma apa pali munthu wachitatu amene sindinamuwerengere.

MlembiWaMapangano

A Womasulira afika pamene ndimafuna kufika. Palinso vuto lachiwiri pa kuyesa kwanu kwatsopano, mayi, ndipo ndi lakuti mwataya mawu akuti "pokhapokha" popanda kuika china m'malo mwake. "Angakane ngati notisi ndi yaifupi" sikuletsa kuti angakanenso pa zifukwa zina. Chitsimikizo chija chatayikanso.

Chimene chimathandiza ndi kuleka kukakamiza zonse kuti zilowe m'chiganizo chimodzi. Ndime ya bambo anu ili ndi zinthu ziwiri zimene zinamangidwa mtolo umodzi, udindo wa amayi ndi ufulu wa amayi, ndipo chilichonse chikufuna chiganizo chakechake. Ine ndikanalemba motere:

"Wochita lendi akapereka notisi ya masiku 30 kapena kuposerapo, mwini nyumba ayenera kubweza dipoziti yonse. Wochita lendi akapereka notisi ya masiku ochepera 30, kapena akatuluka osapereka notisi, mwini nyumba ali ndi ufulu wosunga dipoziti."

Tsopano imikaninso anthu aja pakhomo. Wa masiku 45 wosweretsa magalasi alandira ndalama yake yonse, monga m'ndime yakale. Wa masiku 30 enieni alandira. Wa masiku 12 ndi wothawa usiku, onse awiri amayi angawakanize. Onaninso kuti ndalemba "ali ndi ufulu wosunga", sindinalembe "sadzabweza". Ndime yakale inkalola amayi kukana, koma siinkawalamula kukana. Munthu akatuluka mwadzidzidzi chifukwa cha maliro kumudzi kapena chifukwa chosamutsidwa pa ntchito kupita ku Kitwe, amayi akafuna kumuchitira chifundo angamubwezere, ndipo palibe mwana kapena m'bale wolowa m'malo mwawo amene angawanene kuti aphwanya pangano. Mwaonanso kuti "osapereka notisi" ndamusiya ali wokana. Cholinga si kuthetsa mawu onse okana, koma kuti asaunjikane pa mneni mmodzi.

MwanaWachisamba

Zikomo kwambiri. Koma ndikawerenga zimene mwalembazi mtima ukundiwawa, chifukwa zikuoneka kuti munthu angaswe magalasi onse n'kutenga dipoziti yake yonse. Amayi sangavomere zimenezo.

MlembiWaMapangano

Sindine ndawapatsa vuto limenelo, mayi, linali kale m'ndime 6 kwa zaka zonsezi, kungoti mawu okana analikwirira. Kuwongola chiganizo kwangolivundukula. Sizikutanthauza kuti wosweretsa magalasi wapulumuka, pakuti amayi angamufunse mtengo wa magalasiwo padera, koma ndime 6 siiwalola kuudula pa dipoziti. Ngati amayi akufuna kuti azidula mtengo wa zowonongeka ndi mabilu otsala, nkhaniyo ndi yomveka ndipo eni nyumba ambiri amatero, koma kumeneko ndi kusintha pangano, si kukonza chilankhulo. Muuze banjalo poyera kuti mwawonjezera chinthu chatsopano, ndipo mulembe chiganizo chachitatu chonena zimene zingadulidwe ndi umboni wake, monga malisiti. Kwa banja lina limene linasaina kale pangano lakale m'nyumba yachiwiri ija, simungalisinthire nokha pakati pa ulendo. Pafunika kuti mbali zonse ziwiri zivomere ndi kusaina.

Dziwaninso kuti makhoti otsatira malamulo ochokera ku Mangalande, monga athu kuno ku Zambia, ali ndi mfundo yakale yakuti ndime ikamveka pawiri ndipo palibe china chothandiza kuimasulira, amaimasulira mopweteka amene anailemba. Pano wolemba ndi mbali ya amayi anu. Ndime ya "adzabweza pokhapokha" ija ikanafika pamaso pa woweruza, n'kutheka kuti akanaiwerenga mokomera wochita lendi, koma mukanafika kumeneko mutataya nthawi ndi ubale.

KalalikiWopuma

Ndinagwira ntchito m'khoti zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndili ndi kadandaulo kamodzi pa chiganizo cha a Mlembi. "Sadzakana kubweza" ndi "ayenera kubweza" sindikuona kuti n'chimodzi kwenikweni. Munthu sakana chimene sanapemphedwe. M'ndime yakale, wochita lendi ayenera kubwera kudzaitanitsa ndalama yake, ndipo amayi aphwanya pangano pa tsiku limene amukaniza. M'ndime yatsopano udindo ukuyamba wokha, kaya wabwera kapena ayi. Munthu akasamukira ku Chipata osasiya nambala ya foni, kodi amayi akhala olakwa kuyambira liti?

MlembiWaMapangano

Bambo, mwandigwira, ndipo ndikuvomera. Kusiyanako kulipo ngakhale kuti ndi kochepa. Wofuna kusunga tanthauzo lakale ndendende alembe kuti "mwini nyumba ayenera kubweza dipoziti yonse wochita lendi akaipempha". Ine ndimakonda kuika nthawi, monga masiku 14 kuchokera pa tsiku lobweza makiyi, chifukwa popanda nthawi "sindikukana, bwerani mawa" angathe kutha miyezi itatu. Koma nthawiyo ndi chinthu chatsopano, choncho chilowe m'gulu la zimene banjalo liuzidwe kuti zawonjezedwa.

KalalikiWopuma

"Sindikukana" ameneyo ndinamumva kambirimbiri. Munthu wa ngongole amaima n'kunena kuti sindikukana, ndipo aliyense m'chipindamo amadziwa kuti sananene kuti ndavomera kulipira Lachisanu. Pakati pa kukana ndi kuvomera pali bwalo lalikulu lokhalapo chete. Timavutikanso ndi mafunso okana. Mukafunsa mboni kuti "Simunapereke notisi?" iye n'kuyankha kuti "Inde", m'chilankhulo chathu wavomereza kuti sanapereke, koma womasulira wosasamala akangotembenuza liwu limodzilo kupita m'Chingerezi, cholembedwa chimamveka ngati anapereka. Ndinkapempha ofunsa kuti azifunsa molunjika, "Kodi munapereka notisi?"

Mnyamata_wa_Shopu

Ndiloleni ndibweretse yanga, chifukwa ikufanana. Ndimachita lendi shopu ku Kamwala, ndipo pangano langa, limene lili m'Chingerezi, lili ndi ndime imene tanthauzo lake ndi lakuti sindingalowetse munthu wina m'shopumo popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo mwini wake sadzakana chilolezocho popanda chifukwa chomveka. Mnzanga anandimasulira kuti "mwini shopu adzapereka chilolezo ngati pali chifukwa chomveka". Ndi mmene ndakhala ndikumvera. Kodi pamenepanso pali cholakwika?

Womasulira_Kabwata

Chilipo, achimwene, ndipo ndi chachikulu kuposa cha dipoziti. Funsani kuti chifukwa chomvekacho ndi cha yani. M'ndime yeniyeniyo, chimene chikuyesedwa ndi chifukwa cha mwini shopu chokanira, monga chakuti munthu amene mukufuna kulowetsayo amadziwika ndi kusalipira kapena akufuna kugulitsa mowa m'malo osaloledwa. Inu simufunika kufotokoza chifukwa chimene mukufunira kulowetsa munthuyo. M'kumasulira kwa mnzanuyo, chifukwa chasamukira kwa inu, ndipo mwasanduka wopempha amene ayenera kukhutiritsa mwini shopu. Mukafuna kuifewetsa nenani kuti "mwini shopu angakane chilolezo pokhapokha ali ndi chifukwa chomveka chokanira". Mawu omalizawo, "chokanira", ndiwo akusunga chifukwacho kumbali yake.

MlembiWaMapangano

Ndime imeneyo ndi imodzi mwa zimene ine sindizikhudza n'komwe, ngakhale ili ndi kukana kawiri. Mawu ake a Chingerezi akhala akumasuliridwa ndi makhoti kwa zaka zoposa 100, ndipo mukawasintha mumataya zigamulo zonse zimene zinawafotokoza. Palinso nkhani ya amene ayenera kubweretsa umboni. Pa malamulo akale a ku Mangalande, wochita lendi ndiye ankayenera kusonyeza kuti kukanako kunali kopanda chifukwa chomveka. Kumeneko anasintha ndi lamulo la mu 1988, limene linaika udindowo pa mwini nyumba ndi kumulamula kuyankha m'nthawi yoyenera. Koma musathamangire kuliwerengera kuno, chifukwa malamulo a nyumba ya malamulo ya ku Mangalande amene Zambia inatengera onse pamodzi ndi amene analipo pa 17 Ogasiti 1911, ndipo obwera pambuyo pake amalowa pokhapokha lamulo lathu litawatchula. Choncho ngati mukufuna kuti mwini shopu azikuyankhani m'masiku owerengeka ndi kulemba chifukwa chake, zimenezo zilembedwe m'pangano mwenimwenimo.

Mnyamata_wa_Shopu

Nanga akangokhala chete osayankha? Ndinamulembera kalata milungu isanu yapitayo.

KalalikiWopuma

Ine ndinganene kuti kukhala chete nthawi yaitali chotero ndi kumana chilolezo, ngakhale pakamwa sanatulutse mawu akuti ayi.

MlembiWaMapangano

Mwina, bambo, koma zidalira mneni weniweni amene ali m'pangano la Chingerezilo, ngati ndi wa kukana kapena wa kumana, ndiponso ngati muli mawu onena za kuchedwetsa. Mnyamatayu watipatsa kumasulira, sanatipatse mawu enieniwo. Sindingamulangize kulowetsa munthu m'shopu podalira kukhala chete, pakuti akalakwitsa ndiye amene waphwanya pangano. Apite ndi pepalalo kwa loya aliwerenge.

MwanaWachisamba

Ndibwerere ku ndime 6, chifukwa banjalo likubwera Loweruka. Ndalemba ziganizo ziwiri za a Mlembi, ndawonjezera "akaipempha", ndipo amayi avomera kuti chiganizo cha zowonongeka ndi cha masiku 14 tizionetse padera monga zatsopano. Chatsala n'chimodzi. Munthu akapereka notisi pa 31 Meyi n'kutuluka pa 30 Juni, masiku 30 akwana?

Mphunzitsi_Matero

Akwana. Tsiku lopereka notisi siliwerengedwa, ndiye kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Juni ndi masiku 30.

KalalikiWopuma

Akwana ngati tsiku lotulukalo likuwerengedwa. Makhoti nthawi zambiri amawerenga mawu a mtundu wa "osachepera" monga masiku athunthu apakati, kuchotsa tsiku lopereka ndi tsiku la chochitikacho, ndipo mukatero mwatsala ndi 29. Apa ndiye ndikukayikira ngati "30 kapena kuposerapo" akunyamula katundu yense wa "osachepera 30".

MlembiWaMapangano

Ine ndikuona kuti akunyamula, koma sindingalumbire kuti woweruza aliyense angagwirizane nane, ndipo bambo anu sanatisiyire yankho m'ndime yakale. Musasiye kuti mawu awiriwa akuweruzireni. Funsani amayi ndi banjalo mmene akufunira kuwerengera, kenako mulembe kuti "masikuwa ayamba kuwerengedwa tsiku lotsatira tsiku lopereka notisi, ndipo tsiku lobweza makiyi liwerengedwa", kapena "siliwerengedwa", malinga ndi chimene agwirizana. Musasinthe "masiku 30" kukhala "mwezi umodzi" poganiza kuti n'chimodzi, chifukwa wopereka notisi kumapeto kwa Januwale kuti atuluke kumapeto kwa Febuluwale wakwanitsa mwezi koma masiku 30 sanawakwanitse.

MwanaWachisamba

Ndawaimbira amayi. Akuti tsiku lobweza makiyi liwerengedwe, chifukwa anthu onse amene anakhalapo m'nyumbazo ankapereka notisi pa tsiku lolipira lendi kumapeto kwa mwezi, ndipo sakufuna kukangana ndi munthu chifukwa cha tsiku limodzi. Za Febuluwale akuti adzaona ikadzafika, ngakhale ndawauza kuti ndi bwino tilemberetu. Loweruka ndidzaika ndime yakale ndi yatsopano pa tebulo moyandikana kuti mlamu uja aziyese yekha ndi anthu anayi aja.